Loya wati atithandiza pro bono koma akufunanso K180,000, zikutheka bwanji?

Nachisale: Moni nonse apagulu. Ndithandizeni maganizo pa nkhani ya achemwali anga, mutu wangoima. Amuna awo anamwalira mu Febuluwale, anasiya ana atatu, wamkulu ali Fomu 2. Nyumba ili ku Machinjiri ndipo anamanga limodzi, ine ndinkawaona ndi maso anga achemwali akutunga madzi pamutu nthawi youmba njerwa. Maliro atangotha alamu awiri anatenga chikwama cha mapepala onse, a nyumba ndi a minibasi, ndiye pano tamva kuti abwera kale ndi munthu kudzaona nyumbayo achemwali ali ku msika. Ku tchalitchi kwathu kuli bambo ena loya, atamva nkhaniyi anawaitana ku ofesi, anamvetsera bwinobwino mpaka maola awiri kenako anati mayi musadandaule, mlandu uwu ndiutenga pro bono. Ife tinamva kuti ndi zaulere ndipo tinathokoza Mulungu. Koma dzulo kalaliki wawo waimba foni kuti tipezeko K180,000 kuti ntchito iyambe. Achimwene athu akuti amenewo ndi akuba tiwasiye. Kodi pro bono kwenikweni ndi chani? Tinamva molakwika ndife kapena atitembenukira?

Phiri wa ku 25: Pepani ndi maliro achemwali. Koma pamenepo achimwene anu akunena zoona, pro bono ndi ulere basi, palibe za ndalama. Munthu akati ndikupatsa chinthu sangabwerenso mawa ndi mtengo. Lero 180, mawa akuuzani 300, mudzapezeka mwagulitsa nokha nyumba yomwe mukuteteza

Mayi a Tadala: A Phiri dikirani kaye, musawathamangitse anthu kwa munthu yemwe mwina akuwathandizadi. Ine ndinagwira ukalaliki mu ofesi ya maloya zaka zambiri ndipo mafayilo otere ndawanyamula.

Achemwali Nachisale, mlandu uliwonse umadya ndalama ziwiri zosiyana, ndipo anthu ambiri amaziphatikiza. Yoyamba ndi malipiro a loya mwini wake, ya mutu wake ndi nthawi yake. Maola awiri aja anakhala nanu, kuwerenga malamulo, kulemba mapepala usiku, kukakhala pa benchi kukhoti kudikira jaji, kuyankhula pamaso pa jaji. Imeneyi ndiye ndalama yaikulu, ndipo ndi imene loya amaisiya akati pro bono. Mawuwo ndi achilatini, onse amati pro bono publico, kutanthauza kuti ntchitoyo akuigwirira ubwino wa anthu osati thumba lake.

Yachiwiri ndi ndalama yoyendetsera mlandu, imene siikhala m'thumba mwa loya, imangodutsa. Pepala lililonse lolowa kukhoti limalipiridwa asanalidinde. Umboni wolemba umafunika kulumbiritsa. Samani imafunika munthu aitenge akaipereke m'manja mwa alamu anuwo komwe ali, ndiye pali thiransipoti. Kukafufuza ku ofesi yoona za malo kuti puloti inalembedwa m'dzina la ndani, makope a mapepala, nthawi zina woyeza mtengo wa nyumba. Khoti silidziwa kuti loya wanu ndi wa tchalitchi, limafuna ndalama yake basi. Maloya ena amalipira okha zimenezi akaona kuti munthu alibiretu, ena amati ntchito yanga ndakupatsani koma izi ndi zanu. Onsewo ndi pro bono. Cholakwika chomwe ndikuona ine nchoti bambowo sanakuuzeni tsiku loyamba lomwelo.

Nachisale: Mayi a Tadala zikomo kwambiri, ndayamba kupuma. Koma nanga tidziwa bwanji kuti 180 yonseyo ikupitadi kukhoti? Kalalikiyo anangotchula nambala basi

Mayi a Tadala: Apo ndiye mwafunsa. Musatumize ndalama pa nambala yongotchula pakamwa. Pemphani akulembereni pa pepala, chakuti mwakuti, chakuti mwakuti, mpaka ikwane 180. Mukapereka akupatseni lisiti la ofesi yawo lokhala ndi dzina la achemwali anu, osati kungotumiza pa foni ya kalaliki. Ndalama za makasitomala maloya amayenera kuzisunga mu akaunti yapadera, sizisakanikirana ndi zawo. Ndipo akakalipira kukhoti kumatuluka lisiti la boma, limenelo limakhala mu fayilo, muli ndi ufulu woliona. Mukaona pa mndandandapo mawu ngati kulemba kalata kapena kuonekera kukhoti ali ndi mtengo, dziwani kuti imeneyo ndi ntchito ya loya ndipo si ya pro bono ayi, funsani.

Agogo a Mwai: Ana inu ine ndikuopa chinthu chimodzi. Munthu wadzipereka yekha, ndi mkulu wa mpingo, ndiye ife tipite ndi pepala kuti lembani apa, tionetseni lisiti. Sakhumudwa? Kwathu munthu akakupatsa nkhuku sumufunsa kuti ili ndi miyezi ingati. Angausiye mlandu ana aja n'kugona panja

Mayi a Tadala: Agogo ndakumvani ndipo mantha amenewo ndi omwe amawapweteka anthu ambiri. Koma kwa loya kulemba si chipongwe, ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, kasitomala wolipira amamulembera kalata yofotokoza zomwe agwirizana ndipo wa pro bono amayeneranso kulemberedwa. Amene angakwiye chifukwa mwapempha lisiti ndiye wakuonetsani msanga kuti ndi wotani. Mutha kunena mwaulemu kuti abale akufuna kusonkha ndiye akufunsa kuti ndalamayo ndi ya chani, palibe angakhumudwe nazo.

Chiko ku Joni: Ine zimenezi ndinadutsamo kuno. 2019 ndinachita ngozi ya takisi mwendo unathyoka pawiri, loya anandipeza ndili mchipatala anati usalipire kanthu. Zoonadi sindinatulutse olo randi imodzi, mapepala a madokotala onse analipira yekha, zinatenga zaka zitatu koma Road Accident Fund, bungwe la boma lolipira ovulala pa ngozi za pamsewu, litalipira iye anatengapo gawo lake ine yanga inalowa. Ndiye pro bono imayenda choncho sisi, auzeni kuti alipire okha 180 yo adzadule mukawina

Yami: Achimwene a Chiko imeneyo si pro bono, ndi mgwirizano wina. Loya wanu analipidwa, anangodikira kuti mlandu uthe. Ku South Africa kuli lamulo lake la 1997 lomwe limalola loya kuti alandire pokhapokha mwawina, ndipo linaika malire kuti asapitirire 25 peresenti ya ndalama yomwe mwapata. Nchifukwa chake anakupezani okha mchipatala, ankadziwa kuti kumapeto kuli ndalama yogawana. Wa pro bono sadikira gawo, mwawina mwaluza iye salandira malipiro. Komanso nkhani ya anti awa ndi ya nyumba yogonamo ana, mulibe ndalama yotuluka yoti munthu adulepo, pokhapokha nyumbayo igulitsidwe zomwe ndi zimene akukana.

Chiko ku Joni: Oho ndiye ndinkasokoneza. Koma anandithandiza ndithu

Yami: Anakuthandizani inde, sindikutsutsa. Ndikungoti anti asasaine pepala lokhala ndi peresenti akuganiza kuti ndi pro bono. Ine ndikuphunzira zamalamulo chaka chachitatu ndiye ndiwonjezereko pa funso la agogo. Kuno kwathu pro bono si chifundo chokha. Lamulo la maloya la 2018, Legal Education and Legal Practitioners Act, limafuna kuti loya azigwirako ntchito ya pro bono ndipo zimaonedwa akamakonzanso layisensi yake ya chaka. Ndiye bambowo mtima wabwino ali nawo, koma fayilo ya anti imawathandizanso iwo kukwaniritsa zomwe lamulo likufuna. Musadzione ngati opemphetsa.

Phiri wa ku 25: Ndiye mwandivomereza. Ngati boma likuwakakamiza ndiye kuti boma likuwalipira, nanga akufunanso ndalama ya mayi wamasiye ya chani

Yami: Ayi a Phiri, mwaphatikiza ndi Legal Aid. Legal Aid Bureau ndi ofesi ya boma, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 n'kuyamba ntchito 2015, maloya ake ali pa malipiro a mwezi. Kumeneko amayamba aona kapezedwe kanu ndi mmene mlandu ulili, ndipo ena amauzidwa kuti asonkheko kangachepe. Loya wa ofesi yakeyake akatenga mlandu pro bono palibe amamulipira maola amenewo, lendi ya ofesi ndi malipiro a kalaliki zikutuluka m'milandu ina. Pomwe ziwirizi zimakumana mpoti a Legal Aid amatha kupereka mafayilo ena kwa maloya apadera kuti awagwire pro bono.

Mayi a Tadala: Yami wanena bwino. Koma pali china chachikulu kuposa 180 yo chomwe palibe wachitchula ndipo ndikufuna achemwali Nachisale mumve bwino. Ku milandu ya pakati pa anthu, kawirikawiri woluza amalamulidwa kubweza ndalama zomwe wowina wawononga pa mlanduwo, amati makosti. Alamu anuwo akalemba loya wawo wolipira ndiye inu n'kuluza, khoti likhoza kunena kuti achemwali anu alipire makosti a mbali inayo. Loya wanu kukhala wa pro bono sikukutchingani pamenepo, iye anasiya malipiro ake okha, sanasiye a mnzake. Jaji ali ndi mphamvu yoona, pa nkhani za m'banja ndi za chuma cha masiye nthawi zina amati aliyense alipire zake kapena zichoke pa chuma chomwecho, koma si lonjezo.

Ndikukumbuka bambo ena a nkhani ya malire a munda, loya anawagwirira ulere zaka ziwiri, anawachenjeza kuti umboni wawo ndi wofooka agwirizane kunja, iwo anakana amvekere poti sindikulipira tiyeni nazo. Tsiku lomwe pepala la makosti linafika anakhala pa mpando wa pa risepushoni chipewa chili m'manja, osayankhula, mpaka tinaweruka. Anagulitsa ng'ombe ziwiri. Ndiye funso loti muwafunse bambowo maso ndi maso ndi ili, tikaluza tidzalipira chani ndipo mwayi wathu mukuuona bwanji.

Nachisale: Mayo ine, zimenezi sitinaziganizeko n'komwe. Ndiye tisiye?

Mayi a Tadala: Ayi sindikuti musiye. Mmene mwafotokozeramu achemwali anu aima pabwino. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo munthu akamwalira osasiya wilo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo. Koma ine ndamva mbali imodzi, mapepala sindinawaone, kaya puloti ili m'dzina la ndani, kaya pali ana ena kunja, wokuuzani zoona ndi amene wagwira fayilo. Ndikungofuna mulowe mukudziwa.

China, mufunse kuti pro bono yo ikuthera pati. Nkhani yanuyi mkati mwake muli ntchito zingapo. Pali kukatenga chiletso kuti nyumba isagulitsidwe, chimenecho ndi chachangu. Pali kupempha makalata oyendetsera chuma cha malemu. Pali mlandu weniweni ngati alamu akana kubweza mapepala ndi minibasi, umene utha kutenga chaka kapena kuposa. Ndiye pali apilo ngati oluza sakhutira. Loya atha kukhala kuti mumtima mwake akuti nditenga chiletso ndi kuwalembera kalata alamuwo basi, inu mukuganiza kuti ali nanu mpaka kumapeto. Palibe wanama, koma mudzadana pa tchalitchi.

Anti Rozi ku Leeds: Ndawerenga zonse ndili pa buleki. Funso langa ndi lotembenuza, nanga mukawina? Khoti likati alamuwo alipire makosti, ndalamayo ipita kwa ndani poti loya sanalipiritse? Kuno ku England anakonza ndi lamulo la 2007, mbali yoluza itha kulamulidwa kulipirabe koma ndalamayo siipita kwa loya kapena kwa kasitomala, imapita ku bungwe lotchedwa Access to Justice Foundation lomwe limathandizira ena osowa. Ndinazimva pomwe mnzanga wa kuntchito ankalimbana ndi mwini nyumba

Mayi a Tadala: Funso labwino anti. Ndalama zoyendetsera zija, ngati munalipira ndinu, zikabwezedwa zibwerere kwa inu, pamenepo palibe mkangano ndipo nchifukwa china chosungira malisiti. Pa gawo la ntchito ya loya ndi pomwe pamafunika kugwirizana poyamba. Ine ndinaonapo maloya akulemba kuti kwa inu sinditenga kanthu, koma khoti likalamula mbali inayo kulipira makosti ndidzatenga amenewo. Kwa ine palibe vuto, sizikuchoka m'thumba la mayi wamasiye.

Yami: Apo mayi ine ndikusiyana nanu pang'ono. Makosti cholinga chake ndi kubwezera wowina zomwe wawononga. Ngati kasitomala sanalonjeze kulipira loya kalikonse ndiye akubwezeredwa chani? Ndipo loya akamayembekezera ndalama mukawina, zayamba kufanana ndi za achimwene a Chiko zija, dzina lokha ndi pro bono.

Mayi a Tadala: Mkalasi zili choncho mwanawe, ndipo mfundo yako ndi yoona. Koma taganiza, anthu alanda nyumba ya ana amasiye, aluza, ndiye apulumuke makosti chifukwa choti mayiyo anapeza loya wachifundo? Phindu la chifundocho lipite kwa olanda? Ine zimenezo sizindikhalira.

Yami: Nchifukwa chake njira ya ku England ija ikundisangalatsa, woluza amalipira koma loya sapindula. Koma sindikugonja pa mfundo yanga

Phiri wa ku 25: Inu kanganani koma ine nkhawa yanga ndi ina. Zaulere zimakhala kumapeto kwa mzere. Msuweni wanga anapatsidwa loya waulere pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito, foni sayankha, tsiku la khoti anatumiza kamnyamata kosadziwa ndi dzina lake lomwe, mlandu unangoimitsidwa kanayi. Akadandaula amvekere mukudziwa kuti simukulipira. Mpaka anangousiya

Mayi a Tadala: Zimachitika a Phiri ndipo sindingakane, fayilo yosabweretsa ndalama imatha kugona pansi pa zinzake. Koma mawu amenewo akuti simukulipira ndi olakwika. Loya akavomera mlandu udindo wake ndi umodzimodzi, kusunga chinsinsi, kusaphonya masiku a khoti, kukuuzani zomwe zikuchitika. Ndipo dzina lake likalowa kukhoti ngati woimira munthu sangangosowa, pali ndondomeko yotulukira ndipo inu muyenera kudziwitsidwa kuti mupeze wina. Wolakwiridwa atha kukadandaula ku Malawi Law Society ngakhale sanalipire tambala.

Mmene mungadziwire kuti fayilo ikuyenda ndi zosavuta. Pemphani nambala ya mlandu, mlandu ukalowa kukhoti umapatsidwa nambala ndi chaka. Pemphani kope ya pepala lililonse lokhala ndi chidindo cha khoti. Mukapereka ndalama ya kukhoti n'kutha milungu iwiri itatu popanda nambala, pa nkhani yachangu ngati iyi yoti ogula akubwera kale kudzaona nyumba, pamenepo ndiye mude nkhawa. Ndipo inunso mbali yanu muichite, akakuitanani fikani pa nthawi, mapepala omwe akufuna apititseni, musamabise zomwe zikukuipirani chifukwa akakazimvera kukhoti kuchokera kwa loya wa alamu ndi pomwe amagwa ulesi.

Agogo a Mwai: Nanga kumupititsira kankhuku kapena thumba la mtedza ndi kulakwa? Ine sindingathe kungolandira chonchi manja lendee

Mayi a Tadala: Sikulakwa agogo, ku ofesi kwathu zinkabwera mbatata ndi nthochi ndipo tinkadya mokondwa. Bola zichoke mumtima mwanu, osati iye azitchula.

Nachisale: Ndabwerako abale. Tinapita ndi achemwali m'mawa uno, ndinanena monga munandiuzira kuti abale akufuna kusonkha. Bambowo sanakwiye olo pang'ono, anapepesa kuti anayenera kufotokoza tsiku loyamba, anaitana kalaliki n'kutilembera. Zili motere, K45,000 ya mapepala olowa kukhoti ndi kulumbiritsa, K60,000 yokapereka masamani kwa alamu awiri poti mmodzi ali ku Ntcheu, K25,000 yofufuza za puloti ndi makope, K50,000 ya mafuta a galimoto yawo. Ati yotsala adzabweza ndipo ikachepa adzatiuza asanagwiritse ntchito ina. Pro bono yo ati ndi ya chiletso ndi makalata oyendetsera chuma ndi mlandu woyamba, apilo ayi, tidzakambirana ikadzafika. Za kuluza anati mwayi ulipo wabwino koma anafunsa kawiri ngati malemu analibe mkazi wina, achemwali anati sakudziwapo. Za makosti tikawina ndinaiwala kufunsa, mutu unadzaza

Phiri wa ku 25: Zitatu zoyambazo ndavomera, ndinafulumira kuwatchula akuba. Koma 50 ya mafuta ayi. Ofesi ili mu Blantyre khoti lili mu Blantyre, mafuta a 50 akupita kuti? Imeneyo ndi malipiro obisika

Mayi a Tadala: Mafuta amalowa ndithu mu ndalama zoyendetsera a Phiri, ndipo mlandu si ulendo umodzi, kukasiya mapepala, kukawatenga atadindidwa, tsiku lomvera chiletso, ku ofesi ya malo. Koma ndi gawo lokhalo lomwe lilibe lisiti la boma ndiye sindikukutsutsani kwenikweni, atha kufunsa kuti awerengera maulendo angati. Pomwe ndikuona kuti mungapulumutse ndi pa 60 ya masamani. Funsani ngati pali njira yotchipa yofikitsira ya ku Ntcheu, mwina kalaliki kukwera minibasi m'malo mwa galimoto, bola wopereka akhale munthu woti adzalumbira kuti anaperekadi m'manja, tsiku lakuti malo akuti. Musatume wachibale mwa inu nokha osawauza bambowo, ikaperekedwa molakwika mbali inayo idzati sitinalandire ndipo mudzayambiranso.

Yami: Ndipo anti mukabwererako mufunse za makosti zija, ziwiri zonse, tikaluza ndi tikawina, alembe pa pepala lomwelo asaine.

Nachisale: Ndalemba zonse kuseri kwa pepala lomwe atipatsa. Pakadali pano tapeza 95, achimwene aja omwe ankati akuba aponyapo 30. Bambowo ati tiyambe ndi 45 ya kukhoti ndi 25 ya puloti kuti pempho la chiletso lilowe Lachinayi, zinazo zitsatira. Mawa ndikukapereka ndekha ku ofesi ndikatenge lisiti, za mafuta ndi za ku Ntcheu ndikafunsa konko.